Chitseko cha kumsewu chimene chinakweza msonkho wa nyumba ya azakhali

Azakhali anga ali ndi nyumba ya njerwa zootcha pafupi ndi msika, m'tawuni ina ya kuno ku Tete kumene tonse timalankhula Chichewa. Kwa zaka zambiri ankalipira msonkho wa nyumbayo popanda kudandaula. Kenako anamanga kachipinda kutsogolo, anaboola chitseko choloza kumsewu, n'kuyamba kugulitsa sopo, mchere, mafuta ophikira ndi mbewu za m'mapaketi. Pepala la msonkho litabweranso, ndalama yake inali itaposa kuwirikiza kawiri. Anandiitanitsa madzulo omwewo. Ndinawapeza atakhala pamkeka, pepala lili pamwendo, alitsindika ndi foni kuti lisauluke.

"Mwana wanga, taona izi. Pali wina wakandinenera. Kachipinda kamodzi kangabale msonkho wonsewu?"

Palibe amene anakawanenera. Zonse zinali m'masamu, ndipo masamu ake ndi oti munthu aliyense wodziwa kuchulukitsa angawalondole ndi pensulo. Chimene chimandipweteka n'chakuti eni nyumba ambiri sanaonetsedwepo masamuwo. Amangolandira nambala yomaliza, ndiye ikakwera amaganiza za nsanje ya anansi kapena dyera la wa mu ofesi, m'malo mofunsa funso limene lingawathandize.

Msonkho umenewu pa mapepala umalembedwa kuti IPRA. Maziko ake ali mu lamulo nambala 1/2008 la pa 16 Januwale, lonena za chuma cha mamunisipiyo, ndipo tsatanetsatane wa katoleredwe kake ali mu chigamulo cha boma nambala 63/2008. Njira yowerengera mtengo wa nyumba inabwera pambuyo pake, mu chigamulo nambala 61/2010. Amautolera ndi a munisipiyo, amene abale athu a kutsidya kwa malire amati khonsolo, ndipo ndalama yake imatsala komweko, sipita ku Maputo. Choncho umakhudza nyumba zokhazo zimene zili mkati mwa malire a munisipiyo. M'chigawo chathu alipo asanu: mzinda wa Tete ndi Moatize, amene anayamba ndi chisankho cha 1998, Ulongwe amene analowa mu 2008, Nyamayabuwe mu 2013, ndi Chitima amene anavota koyamba mu 2023. Munthu wa ku Domwe kapena ku Furankungo, ngakhale atamanga nyumba yosanja, pepala la IPRA silimupeza, chifukwa kumeneko kulibe munisipiyo.

Asanamve za masamu, azakhali anafunsa zimene aliyense amafunsa: "Malowa si ndinalipira kale?" Apa pamasokonekera zinthu ziwiri. M'dziko lathu nthaka ndi ya boma, sigulidwa ndipo sigulitsidwa. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, uja timautchula kuti DUAT. Koma nyumba imene wamanga pamalopo ndi yako, ungathe kuigulitsa kapena kusiyira ana. IPRA imayang'ana nyumbayo pamodzi ndi bwalo limene limaitumikira. Si msonkho wa DUAT, si msonkho wa mutu umene munthu wamkulu amalipira ku munisipiyo chaka ndi chaka, ndiponso si ndalama ija wamalonda amalipira chifukwa chochita geni. Azakhali atatsegula sitolo anayamba kulipira ya geniyo, n'chifukwa chake ankaona ngati akulipiritsidwa kawiri pa chinthu chimodzi. Ina ndi ya malonda ochitikira m'chipindamo, ina ndi ya makoma ndi denga.

Nanga mtengo wa nyumba amaudziwa bwanji? Ambiri amaganiza kuti wa munisipiyo amaima pamsewu, kuyang'ana penti ndi malata, n'kunena mumtima kuti iyi ingagulidwe ndalama zakuti. Ayi. Lamulo limati msonkho uwerengedwe pa mtengo umene unalembedwa m'kaundula wa nyumba, amene mu ofesi amamutcha matirizi. Nyumba ikakhala kuti mulibe m'kaundulamo, amayambira pa mtengo umene mwini wake wanena, pokhapokha ngati mtengowo watalikirana ndi mitengo yodziwika ya nyumba zotere. Ndipo pofuna kupeza mtengo wolemba m'kaundula, kapena kukonza umene unalembedwa kalekale, amagwiritsa ntchito masamu a mu chigamulo cha 2010 chija. Gawo la nyumba yeniyeniyo limayenda chonchi:

```
Ae × P × Fa × Fl
```

Bwalo nalo lili ndi malo ake m'masamuwo, pansi pa chilembo cha Al, koma nyumba ya azakhali inadzaza pafupifupi puloti yonse, monga zilili nyumba zambiri za pafupi ndi msika, ndiye pano ndilisiya.

Ae ndi kukula kwa pomangidwa, m'masikweyamita. Iyi ndi nambala yokhayo imene mwini nyumba angaitsimikize yekha ndi tepi ya mmisiri. P ndi mtengo wapakatikati womangira sikweyamita imodzi. Si ndalama imene iweyo unaononga. Kaya njerwa unaumba wekha kudambo ndi ana ako, kaya simenti unagula yotchipa kutsidya, P ndi yemweyo kwa iwe ndi kwa mnzako amene analemba kontalakita, chifukwa amakhazikitsa ndi aboma. Fa ndi nambala ya ukalamba wa nyumba: yatsopano imakhala pa 1, ndipo zaka zikamapita nambalayo imatsika, kutanthauza kuti nyumba yakale imawerengedwa yotsika mtengo. Fl ndi nambala ya dera. Lamulo limaika malire a pansi ndi a pamwamba, ndipo munisipiyo iliyonse imagawa madera ake mkati mwa malirewo: pakati pa tawuni pamene pali phula, madzi ndi magetsi nambala imakwera, kumathero kwa tawuni imatsika.

Mtengo ukapezeka, amauchulukitsa ndi mlingo wa msonkho. Milingo ilipo iwiri yokha, ndipo munisipiyo singaisinthe mwa iyo yokha chifukwa inalembedwa m'lamulo. Nyumba yogonamo ndi 0.4 peresenti, kutanthauza mametikali 4 pa 1,000 alionse a mtengo wa nyumbayo. Nyumba ya malonda, ya fakitale, ya maofesi kapena ya ntchito ina iliyonse yosakhala kugonamo ndi 0.7 peresenti, mametikali 7 pa 1,000.

Tsopano tibwerere pamkeka paja. Manambala a P, Fa ndi Fl amene ndiike apa ndasankha osavuta kuchulukitsa kuti njira ioneke bwino. Enieni a dera lanu ndi a chaka chino mukawafunse ku ofesi ya misonkho ya munisipiyo yanu.

Nyumba yoyamba ija inali mamita 10 m'litali ndi 9 m'lifupi, ndiye Ae ndi 90. Tinene kuti P ndi mametikali 10,000. Kuchulukitsa ziwirizi kukutipatsa 900,000, ndalama imene masamuwa akuti ingamange nyumba yotere lero. Koma nyumbayo si ya lero, yatha zaka zingapo, ndiye tiike Fa pa 0.90, ndipo mtengo watsika kufika pa 810,000. Ili pafupi ndi msika, dera labwino, tiike Fl pa 1.10, ndipo wakweranso kufika pa 891,000. Umenewu ndiye mtengo wa m'kaundula. Pa mlingo wa nyumba yogonamo, 0.4 peresenti, msonkho wa chaka ndi mametikali 3,564.

Onani zimene dera lokha limachita. Nyumba yomweyi, njerwa zomwezi, itakhala kumathero kwa tawuni kumene Fl ndi 0.80, mtengo wake ukanakhala 648,000 ndipo msonkho 2,592. Kusiyana kwa pafupifupi mametikali 1,000 pachaka, popanda kusintha ngakhale zenera limodzi.

Kachipinda ka sitolo kanali mamita 5 kwa 4, masikweyamita 20. Ae yachoka pa 90 kufika pa 110. Manambala enawo ndiwasiya momwe analili kuti tione chimene chasuntha. Tikachulukitsa 110 ndi 10,000, kenako ndi 0.90, kenako ndi 1.10, tikupeza 1,089,000. Chikanakhala chipinda chogona cha mdzukulu, msonkho ukanakhala 4,356, kukwera ndi mametikali 792 okha, ndipo azakhali sakanandiitanitsa. Koma ndi sitolo, ndipo apa ndi pamene pali mfundo imene anthu ambiri saidziwa: nyumba ikamagwira ntchito zoposa imodzi, lamulo limati msonkho uwerengedwe pa mlingo wokwera mwa milingoyo. Sagawa kuti masikweyamita 90 alipire 0.4 ndipo 20 alipire 0.7. Nyumba yonse, ndi chipinda chogona chomwe, ndi khitchini yomwe, imalowa pa 0.7. Ndiye 1,089,000 pa 0.7 peresenti ndi mametikali 7,623.

Kuchoka pa 3,564 kufika pa 7,623 ndi kukwera kwa 4,059. Mwa ndalama imeneyi, njerwa zatsopano zabweretsa 792 yokha. Yotsalayo, 3,267, yabwera ndi chitseko choloza kumsewu chija.

Azakhali anakhala chete kwa nthawi, kenako anati, "Ndiye bedi langa nalonso likuchita malonda?" Ndinalibe choyankha chowasangalatsa. Ineyo mfundo imeneyi ndimaiona yolemera kwa anthu ang'onoang'ono. Ndikumvetsa chifukwa chake: kuyeza chipinda ndi chipinda m'nyumba iliyonse, n'kumatsatira kuti chaka chino chipinda chakuti n'chogona kapena n'chosungiramo matumba a soya, ndi ntchito imene ofesi ya anthu ochepa singaithe, ndipo aliyense akanati sitolo yake ndi kakona chabe. Koma m'matawuni athu nyumba yokhala ndi kasitolo kutsogolo ndiyo nyumba wamba. Mayi wogulitsa mchere ndi machesi akugwera pa mlingo umodzi ndi mwini nyumba yaikulu yogulitsiramo feteleza. Amene akuganiza zomanga sitolo pakhomo ayenera kupita ku ofesi asanakumbe maziko, akafunse kuti ikalumikizana ndi nyumba idzalembedwa bwanji, ndipo ikaima payokha idzalembedwa bwanji. Yankho alipemphe lolembedwa. Ndipo ndalama ngati 7,623 aigawe ndi miyezi 12, aone ngati kasitoloko kangatulutse mametikali 635 mwezi uliwonse pamwamba pa zina zonse.

Wina angafunse chifukwa chimene boma linasankhira masamu otere m'malo motumiza katswiri kuti aone nyumba iliyonse n'kunena mtengo umene ingagulidwe. Kutsidya ku Malawi makhonsolo a mizinda amadalira akatswiri owerengera mitengo, amene amalemba kaundula woyenera kukonzedwanso pa zaka zisanu zilizonse. Njira imeneyo imafuna akatswiri ambiri ndi ndalama zambiri, komanso imafuna kuti mitengo yogulitsirana nyumba izidziwika. Kuno nyumba zambiri zimagulitsidwa pa kapepala kosainirana pamaso pa mboni ndi mlembi wa dera, ndipo ngakhale zimene zimafika ku ofesi, pali msonkho wa SISA wa 2 peresenti pa kusintha umwini, umene umakopa ogulitsana kuti alembe mtengo wotsika. Mitengo yoona ilibe pokhala. Masamu a manambala anayi aja amafuna tepi, chaka chomangira ndi mapu a madera basi, ndipo mwini nyumba angathe kuwabwereza yekha. Ubwino wake ndi umenewo.

Kuipa kwake n'kwakuti masamuwa ndi akhungu pa zinthu zina. Saona kuti nyumba ina ili ndi matailosi ndi siling'i pamene inzake ya kukula komweko ili ndi pansi pong'ambika ndi malata odontha. Saona msika wa nyumba ukamavina. Mgodi waukulu wa malasha utayamba kutulutsa ku Moatize mu 2011, lendi ya nyumba mumzinda wa Tete, ku Matundo ndi ku Moatize komweko inakwera mochititsa mantha, kenako malasha atatsika mtengo inagwa. Ae sinasinthe, Fa inangotsika pang'ono ndi zaka, ndipo mwini nyumba amene ankalandira lendi yaikulu ankawerengedwa chimodzimodzi ndi mnansi wake wopuma ntchito wokhala m'nyumba yofanana. Phindu la lendi lili ndi msonkho wake wina, wa boma lalikulu. IPRA siimva za lendi.

Vuto lalikulu kuposa onsewa lili m'kaundula. Munisipiyo ingatumize pepala kwa nyumba yokhayo imene ikuidziwa. Amene anatsata njira, anatenga DUAT, anapempha chilolezo chomangira, ndiye amene ali m'buku, ndipo ndiye amalipira. Amene anangomanga mwakachetechete sapezeka mpaka tsiku limene anyamata a kalembera adzafike ndi tepi m'dera lawo. N'chifukwa chake mumsewu umodzi mumapezeka nyumba ziwiri zofanana, ina yolipira ina yosadziwa n'komwe kuti msonkhowu ulipo, ndipo wolipirayo amadziona wopusa. Kudandaula kumeneku n'koona, ndipo mankhwala ake si kukweza mlingo kwa olipira kale koma kulemba nyumba zonse. Kalembera akachitika, ena amadzidzimuka ndi pepala loyamba m'moyo wawo, ena amapeza kuti mtengo wakale wa nyumba yawo, umene unalembedwa zaka zambiri zapitazo ndalama isanagwe mphamvu, wawerengedwanso ndi P wa masiku ano. Msonkho ukalumpha popanda mwini kumanga kanthu, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chimenechi.

Pepala likabwera ndipo nambala ikukukayikitsani, kupita ku ofesi n'kukanena kuti "yachuluka" sikuthandiza, chifukwa wa pakauntala alibe mphamvu yochotsera munthu pomumvera chisoni. Chimene angakonze ndi cholakwika pa zimene zinalembedwa. Pemphani kuti akuonetseni zisanu izi za nyumba yanu: kukula, P, Fa, Fl ndi ntchito imene analemba kuti nyumbayo imagwira. Powerenga samalani ndi kalembedwe, chifukwa mapepala a boma kuno amaika mpatuliro pamene mabuku a Chichewa amaika kadontho, ndi kadontho pamene mabukuwo amaika mpatuliro. Mtengo wa nyumba ya azakhali ungaoneke chonchi:

```
1.089.000,00 MT
```

ndipo mlingo ungalembedwe `0,7%`. Ndinaonapo bambo wina akutuluka thukuta poganiza kuti maziro awiri omalizawo ndi ndalama.

Mukatenga manambalawo, yambani ndi tepi. Ine ndi mwana wa azakhali tinayeza m'mawa mwake, iye atagwira nsonga pakona ya khoma, ine ndikukoka kudutsa pansi pa zenera mpaka kukona inayo, azakhali akulemba pachikuto cha kope la ngongole za musitolo. Zinagwirizana ndi za pepala. Koma zikanasiyana ndi masikweyamita 10 okha, pa manambala athu aja ndi mtengo wa 99,000, umene pa 0.7 peresenti ndi mametikali 693 chaka chilichonse, mpaka tsiku limene wina adzakonze. Cholakwika cha m'kaundula sichidzichotsa chokha, chimabadwanso Januwale aliyense.

Kenako onani chaka. Nyumba yakale imene mwaipaka penti ndi kusintha malata ingalembedwe ngati yaposachedwa ngati wolembayo anangoyang'ana ndi maso, ndipo Fa yake ingakwere. Umboni wabwino ndi chilolezo chomangira, chilolezo cholowera m'nyumba, kapena pangano loyamba la magetsi kapena madzi. Onaninso dera, makamaka ngati muli m'malire a madera awiri, chifukwa msewu umodzi ungalekanitse Fl wokwera ndi wotsika. Pomaliza onani ntchito ya nyumba. Ngati munali ndi sitolo koma munatseka, ndipo simunakanene, m'buku mukadali amalonda ndipo 0.7 ikupitirira. Dandaulo lilembeni pa pepala lopita kwa mtsogoleri wa munisipiyo, muphatikize umboni, ndipo kope lanu alidinde chidindo cha tsiku limene alandira. Chitani msanga, ndipo musalole tsiku lolipira lidutse mukudikira yankho, chifukwa kuchedwa kumabala chiwongoladzanja ndi chindapusa.

Masiku ake ndi awa: msonkho umalipidwa m'magawo awiri ofanana, mu Januwale ndi mu Juni. Ukakhala wosapitirira mametikali 400 umalipidwa kamodzi, mu Januwale. Kwa ife a kumapiri kuno Januwale ndi mwezi woipa, ndalama yapita ku feteleza wobereketsa ndi ku makope a ana, nkhokwe yayamba kuoneka pansi. Juni ndi wabwinoko, chimanga ndi soya zili pamsika. Amene amadalira munda angachite bwino kupatula gawo la Januwale pa nthawi yokolola yomweyo.

Wolipira ndi amene anali mwini nyumba pa 31 Disembala chaka chapitacho, ndipo ofesi imatenga dzina limene lili m'kaundula, kapena la amene nyumbayo ili m'manja mwake. Izi zimaluma pogulitsana. Mukagula nyumba koma dzina osasintha, mapepala amapitabe kwa mwini wakale, iye amawataya, ngongole imaunjikana, ndipo imadzatulukira tsiku limene mukufuna chikalata china ku munisipiyo. Musanapereke ndalama, pemphani malisiti a IPRA a zaka zapitazi. Nyumba za masiye nazo n'chimodzimodzi: bambo anamwalira kalekale, pepala likubwerabe m'dzina lawo, ndipo ana aliyense akuti alipire amene akugonamo.

Pali mpumulo umodzi umene anthu amautaya chifukwa chosadziwa. Nyumba yomangidwa kumene yogonamo imakhululukidwa msonkhowu kwa zaka 5, kuwerengera kuchokera pa tsiku la chilolezo cholowera m'nyumba. Koma chikhululukirocho chimapemphedwa, ndipo chimatsamira pa chilolezocho. Ambirife timalowa m'nyumba denga likangokhomedwa, mazenera titatseka ndi njerwa zosamata, ndipo za chilolezo sitiziganiza. Popanda pepalalo palibe tsiku loyambira kuwerenga zaka zisanuzo. Pa nyumba ya masikweyamita 90 ija, ikanakhala yatsopano pa Fa wa 1, msonkho wake ukanakhala 3,960 pachaka, ndiye zaka zisanu ndi mametikali 19,800 otayika chifukwa cha pepala limodzi.

Azakhali sitolo sanatseke. Anawerengera ndi pensulo yawo kuti mchere ndi mafuta zikubweza 635 ya pamwezi ija, ngakhale movutikira m'miyezi ya mvula. Analipira gawo loyamba sabata yomaliza ya Januwale, lisiti analipinda kanayi n'kuliika m'chitini cha mabisiketi momwe muli DUAT ndi makadi a kusikelo a adzukulu. Chipinda chachiwiri chimene ankafuna kumanga chakumbali, choti abwereketse kwa telala, njerwa zake zikadali pauvuni. Akuti ayambe apita kukafunsa kuti chidzalembedwa pa tsamba liti.